Kusoka chigamba pa kenelo seva ili chiyakire: zimatheka bwanji?

Tadala_Area25: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Kuntchito kwathu tili ndi seva ya Ubuntu yomwe imasunga detabesi ya mamembala, ndipo nthambi zonse zimadalira yomweyo. Nthawi iliyonse kenelo yatsopano ikabwera ndimayenera kupempha chilolezo kwa abwana, kudikira Loweruka usiku, n'kukhala pa ofesi mpaka tambala woyamba. Wina wandiuza kuti ndingoyatsa `livepatch` nkhani yathera pomwepo. Koma mutu wanga ukukana. Kenelo ndi imene ikuyendetsa zonse nthawi yomweyo, ndiye munthu angaisinthe bwanji ili pa ntchito? Sindikufuna kuyatsa chinthu chomwe sindingathe kufotokoza chikavuta.

Kondwani265: Yatsani basi achemwali, musavutike. Imangolemba khodi yatsopano pamwamba pa yakale m'memore. Yanga yakwanitsa masiku 700 osazima.

Mavuto_Zomba: Ine ndimangopanga `apt upgrade` ndipo sindinazimitsepo seva. Dzana lomweli OpenSSL inalowa yatsopano popanda vuto. Si zomwezo?

aChisale: A Mavuto, zanuzo n'zina, ndipo pali msampha. `apt upgrade` imaika kenelo yatsopano pa disiki, mu `/boot`, koma imene ili m'memore ikadali yakale mpaka tsiku lomwe mudzayambitsenso makina. Tayesani `uname -r` mufananize ndi `ls /boot`, mwina mudabwa. Za OpenSSL nazonso, pulogalamu iliyonse yomwe inali itatsegula kale laibulale yakaleyo ikugwiritsabe yakaleyo mpaka muiyambitsenso. Kumeneko `livepatch` sifikako n'komwe, iyo ndi ya kenelo yokha.

A Kondwani, mwayandikira, koma khodi yakale silembedwa pamwamba. Ikanalembedwa pamwamba purosesa ili pakati poiwerenga, seva ikanagwa nthawi yomweyo. Yakaleyo imatsala pomwe ili, chimene chimasintha ndi njira yofikirako.

Mayi Tadala, zimayenda chonchi. Kenelo ndi mafankishoni masauzande ambiri oitanana. Pomanga kenelo, kompayila imasiya kampata koyambirira kwenikweni kwa pafupifupi fankishoni iliyonse. Pa makina a x86_64 kampatako ndi ka mabaiti 5. Anakasiyira `ftrace`, chida chofufuzira zomwe kenelo ikuchita, ndipo masiku onse mumangokhala lamulo la `nop`, loti purosesa ingodutsa osachita kanthu. Chigamba chimabwera ngati mojulo wamba ya kenelo, fayilo ya `.ko`, momwe muli fankishoni yonse yokonzedwa. Mojuloyo ikalowa, kampata ka fankishoni yodwalayo kamasinthidwa kukhala kuitana kopita kwa `ftrace`, ndipo kumeneko purosesa imalozeredwa ku fankishoni yatsopano. Aliyense woitana yakale amagogoda pakhomo lomwe lija, koma asanaponde m'nyumba amauzidwa kuti eni ake anasamukira uko. Nyumba yakale ilipobe, koma simulowanso munthu.

Mavuto_Zomba: Ndayang'ana. Mu `/boot` muli makenelo atatu ndipo ine ndikuyendera wakale kwambiri mwa onsewo. Iii, zikomo bwana.

Tadala_Area25: Zayamba kumveka. Koma tandipatsani chitsanzo cha vuto lenileni lomwe lingakonzeke mwanjira imeneyi.

aChisale: Tengani Dirty Pipe, CVE-2022-0847, yomwe Max Kellermann anaulula mu Malichi 2022. Inkagwira makenelo kuyambira 5.8. Munthu wamba pa seva, wopanda mphamvu za `root`, ankatha kulemba mu fayilo yomwe amaloledwa kuwerenga kokha, ngakhale `/etc/passwd`. Gwero lake linali laling'ono mochititsa manyazi. Paipi ya Linux, njira yomwe mapulogalamu amapatsirana deta, imasunga detayo m'timagawo tomwe timagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo kagawo kalikonse kali ndi malo otchedwa `flags`. Mafankishoni awiri a mu `lib/iov_iter.c`, omwe ndi `copy_page_to_iter_pipe` ndi `push_pipe`, ankatenga kagawo osafufuta `flags` zomwe wogwiritsa ntchito wam'mbuyo anasiya. Chizindikiro cha `PIPE_BUF_FLAG_CAN_MERGE` chikatsalira, kenelo inkaganiza kuti n'zololedwa kuwonjezera deta pa tsambalo, chonsecho tsambalo ndi la fayilo ya eni ake. Mankhwala ake anali mzere umodzi m'fankishoni iliyonse mwa ziwirizo:

```
 	buf->ops = &page_cache_pipe_buf_ops;
+	buf->flags = 0;
```

Vuto lotere ndiye chakudya cha `livepatch`. Kaonekedwe ka deta m'memore sikasintha, chimene chasintha ndi zochita za mafankishoni awiri basi. Opanga chigamba amamanga kenelo kawiri ndi kompayila yomweyo, koyamba osakonza, kachiwiri atakonza, kenako chida ngati `kpatch-build` chimafananiza zotuluka n'kutola mafankishoni omwe asintha. Nthawi zina amatuluka ambiri kuposa omwe munthu anakhudza, chifukwa kompayila imakonda kumeza fankishoni yaing'ono n'kuilowetsa m'kati mwa imene ikuiitana. Ikamezedwa choncho ilibenso khomo lakelake, ndiye muyenera kusintha onse amene anaimeza.

N'chifukwa chakenso chigamba chimapangidwira kenelo imodzi yeniyeni. Cha nambala ina sichilowa pa yanu.

Yamikani_Sec: Ndiwonjezerepo pa Dirty Pipe pomwepo. Chigamba chimatseka khomo, sichithamangitsa mbala yomwe yalowa kale. Ngati wina anapeza `root` Lachiwiri inu n'kusoka Lachitatu, ali m'nyumbabe. Anthu akaona kuti chigamba chalowa amagona tulo osayang'ananso malogi.

Tadala_Area25: A Chisale, funso lomwe likundisautsa ndi ili. Nanga pulosesi yomwe ili kale M'KATI mwa fankishoni yakaleyo pa nthawi imene chigamba chikulowa? Yadutsa kale pakhomo paja.

aChisale: Apo ndiye mwagwira pamtima pa nkhani, ndipo ndi pomwe akatswiri anakanganirana zaka. Ksplice, yomwe Jeff Arnold anayambitsa ku MIT cha mu 2008 ndipo Oracle inagula mu 2011, inkaimitsa makina onse kwa kamphindi, n'kuyang'ana ngati pali aliyense ali m'kati mwa fankishoni yoti isinthidwe. Ngati palibe, sinthani, ngati alipo, yesaninso. Mu 2014 Red Hat inatulutsa kpatch yomwe inkachita chimodzimodzi, SUSE n'kutulutsa kGraft yomwe sinkaimitsa makina koma inkasamutsa mapulosesi imodzi imodzi. Maziko ogwirizana analowa mu Linux 4.0 mu 2015, ndipo njira yosamutsira yomwe ilipo lero, yophatikiza nzeru za mbali zonse ziwiri, inalowa mu 4.12 mu 2017.

Lero pulosesi iliyonse ili ndi mbali yake, yakale kapena yatsopano. Chigamba chikangolowa onse amakhala kumbali yakale, ndipo `ftrace` imayang'ana woitanayo kuti ali mbali iti isanamulozere kopita. Kenelo imayendera mapulosesi ogona n'kuyang'ana sitaki ya iliyonse, kutanthauza mndandanda wa mafankishoni omwe yalowa koma sinatulukemo. Ngati mulibe fankishoni yomwe ikusinthidwa, imasamutsidwa pomwepo. Zotsalazo zimasamuka pamene zikutuluka m'kenelo kubwerera ku pulogalamu yawo, poti pamenepo sizili m'kati mwa fankishoni iliyonse ya kenelo. Cholinga n'chakuti pulosesi imodzi isaone theka lakale ndi theka latsopano pa ulendo umodzi. Pa seva yabwinobwino zonsezi zimatha m'masekondi ochepa.

NaPhiri: "Pa seva yabwinobwino." Mawu amenewo muwalembe ndi zilembo zikuluzikulu achimwene, haha. Ndikuuzeni zomwe zinandigwera chaka chatha.

Ndinaika chigamba pa maseva asanu ndi imodzi madzulo ena. Asanu anatha bwino. Ya chisanu ndi chimodzi inandionetsa mojulo mu `lsmod`, ine n'kunyamula chikwama kupita kunyumba. M'mawa ndikuyang'ana `dmesg` ndinaona `starting patching transition` koma mzere wa `patching complete` kunalibe. Ndinapita kukayang'ana apa:

```
cat /sys/kernel/livepatch/*/enabled
cat /sys/kernel/livepatch/*/transition
```

Zonse ziwiri zinati 1. `enabled` kukhala 1 sikutanthauza kuti zatha. `transition` ikakhala 1 ndiye kuti pali wina sanasamuke, ndipo yanga inali itakhala choncho usiku wonse. Kuti ndimupeze wokakamirayo ndinachita izi ndili `root`:

```
grep -lx 0 /proc/[0-9]*/task/*/patch_state
```

Mu `patch_state`, 1 ndi wosamuka, 0 ndi wotsalira, ndipo -1 ndiye kuti palibe kusamuka komwe kukuchitika. Inatuluka imodzi yokha: `tar` ya bakapu, yomwe inkawerenga pa foda ya NFS. Makina omwe ankasunga fodayo anali atafa masiku awiri m'mbuyomo popanda wondiuza. `ps` inkaonetsa `D`, chizindikiro cha pulosesi yogona tulo tosadzutsika podikira yankho, ndipo `cat /proc/<pid>/stack` inandionetsa kuti yagona pansi pa fankishoni imodzi mwa zomwe chigambacho chimasintha. Kenelo sikanaisamutsa ili mmenemo, ndipo iyo sikanatulukamo poti inkadikira yankho lomwe silidzabwera.

Kondwani265: Ndiye kuti usiku wonsewo seva inali yosatetezedwa?

NaPhiri: Ayi, osati yonse. Ena onse anali atasamuka ndipo ankagwiritsa khodi yokonzedwa. Wotsalira anali yekhayo, ndipo anali gone. Koma musapeputse. Pulosesi yotsalira ikabereka ina, mwanayo amatengera mbali ya kholo. Komanso kusamuka kusanathe simungaike chigamba china, kenelo imakana.

Kenelo yokha inkayesetsa. Masekondi 15 aliwonse imagwedeza otsalira ndi kasiginolo kabodza kuti adzuke, atuluke, asamuke. Kasiginoloko kamadzutsa ogona tulo wamba, koma wa `D` samva. Mwayi wanga unali woti kudikira kwa NFS kumamvera `kill -9`. Ndinaipha, ndisanamalize n'komwe kumwa tiyi `transition` inabwerera pa 0.

Kondwani265: Bwanji simunangolemba 1 mu `force`? Ilipo pa foda yomweyo. Ine ndikanatero kalekale.

aChisale: A Kondwani, `force` sisamutsa munthu mwaulemu. Imangouza kenelo kuti iwerenge onse ngati asamuka, ngakhale amene ali pakati pa fankishoni yakale. Akadzadzuka adzamaliza theka lakale kenako n'kuitana zatsopano, chinthu chomwe dongosolo lonseli linapangidwira kuletsa. Mwina sizivuta, mwina zivuta, zimadalira zomwe chigambacho chasintha, ndipo amene angadziwe ndi amene anachilemba. Mukakakamizanso, mojuloyo singachotsedwenso ndi `rmmod` mpaka makina atayambanso, chifukwa kenelo sidziwanso ngati muli munthu m'katimo. Ngati wokakamirayo sangaphedwe, njira yofatsa ndi kulemba 0 mu `enabled`, onse abwerere kumbali yakale, inu mukonze vutolo n'kuyesanso.

NaPhiri: Apo sitigwirizana kwenikweni. Bowo likakhala loti anthu akulowerapo kale kunjaku, ine sindingabweze mapulosesi mazana atatu kumbali yodwala chifukwa cha mmodzi wogona. Bola ndisiye `transition` pa 1 pomwe ndikufufuza. Ndipo ngati ndawerenga sitaki, ndaona chigamba n'chamzere umodzi ngati cha Dirty Pipe chija, `force` sindingaiope kwambiri.

aChisale: Kuisiya pa 1 ndikuvomera, bola chida chanu chisabweze chokha, poti zina zikadikira nthawi yake n'kulephera zimachotsa chigambacho. Koma za mzere umodzizo, zigamba za makampani zimakhala zounjikana. Chatsopano chimanyamula zonse zam'mbuyo n'kulowa m'malo mwa chakale, ndiye chomwe mukuti mzere umodzi chingakhale mafankishoni makumi angapo.

NaPhiri: N'chifukwa ndati ngati ndawerenga. Tisiye pomwepo, tidzakambirana pa nsima.

Yamikani_Sec: Mlongo Tadala, konzekeraninso nkhondo ndi owerengera chitetezo. Mukasoka chigamba, `uname -r` imanenabe nambala yakale, chifukwa kenelo yomwe inayaka ndi yomweyo. Masikana ena amangowerenga nambalayo n'kukulemberani lipoti lofiira. Pa Ubuntu umboni wanu ndi uwu:

```
sudo pro enable livepatch
canonical-livepatch status --verbose
```

Lamulo loyambalo limayatsa `livepatch` pa seva yolumikizidwa kale ku Ubuntu Pro, lachiwirilo limaonetsa ngati chigamba chalowa ndi zomwe chakonza. Pa Red Hat ndi `kpatch list`. Musadabwenso mukaona `/proc/sys/kernel/tainted` sikunenanso 0. Chigamba chimayatsa chizindikiro cha `K`, chomwe mtengo wake ndi 32768, ndipo si matenda. Chimangodziwitsa aliyense wofufuza seva ikagwa kuti khodi ya m'memore si yofanana ndendende ndi ya pa disiki.

Tadala_Area25: Owerengera athu ndi a pepala, adzafuna siginecha. Ndiye umboniwo ndizisunga mwezi ndi mwezi. Nanga zaulere zilipo?

Yamikani_Sec: Canonical inayamba ntchitoyi mu 2016, ndipo imabwera ndi Ubuntu Pro, yomwe ndi yaulere pa makina osapitirira asanu a munthu payekha. Za kuntchito werengani malamulo awo kaye musanalumikize seva ya bungwe pa akaunti yanu. Mungathenso kumanga nokha ndi `kpatch-build`, koma pamenepo amene akuweruza ngati chigamba n'chotetezeka kuika moyaka ndinu. Pa detabesi ya ndalama za anthu ine sindingayerekeze.

Kondwani265: Koma mfundo yanga ija ilipobe. Ukayatsa, kuzimitsa kwatha. Masiku 700 sanama.

aChisale: Masiku 700 amenewo ndi omwe akundidetsa nkhawa, mng'ono wanga. Pali zinthu zomwe njirayi singafikeko. Mwaona kuti imasintha mafankishoni okha. Kukonza kukafuna kuwonjezera malo atsopano mu `struct`, zinthu masauzande zomwe zili kale m'memore zinamangidwa pa muyeso wakale ndipo simungazikulitse. Pali kanjira kozembera, kosunga deta yowonjezerayo pambali n'kumaifunafuna ndi adiresi ya chinthucho, koma kamafuna munthu alembe pamanja mosamala, ndipo sikakwanira paliponse. Khodi yomwe imayenda kamodzi poyaka makina, kuisintha lero n'kutseka khola mbuzi zitatuluka. Khodi ya asembule yomwe imalandira pulogalamu ikamalowa m'kenelo ilibe kampata ka mabaiti 5 kaja. Mukukumbukira Meltdown mu Januwale 2018? Mankhwala ake, KPTI, anasintha mmene matebulo a memore amakhalira komanso khomo lenilenilo lolowera m'kenelo. Ife tonse kuno ku Joni tinagona ku ofesi tikuyambitsanso maseva.

Chinanso, makampani sapangira chigamba cholakwika chilichonse. Amasankha mabowo oopsa kwambiri, zotsalazo zimadikira kenelo yatsopano. Ndipo kenelo iliyonse amaisokera kwa nthawi yoikika, kenako amasiya. Tayendetsani lamulo lomwe a Yamikani apereka muone zomwe likunena za kenelo yanu ya zaka ziwiriyo.

Kondwani265: Ndiyang'ana ndikafika. Koma sinavutepo.

Mavuto_Zomba: Kwathu kuno magetsi ndi amene amatiyambitsira maseva, safunsanso abwana. Ndiye ikazima yokha chigamba chija chimapita kuti?

NaPhiri: Chimafa ndi memore. Makina akayaka, kenelo ya pa disiki imadzuka momwe inalili, kenako sevisi ya zigamba imachilowetsanso. Pakati pamenepo pali kanthawi komwe bowo lili pululu. N'chifukwa chake ine ndimaikabe kenelo yatsopano mu `/boot` ngakhale ndasoka, kuti ikazima mwadzidzidzi idzukire pa yokonzedwa.

aChisale: Zoona, koma dziwani zomwe mwasankha. Idzadzukira pa kenelo yomwe simunaiyesepo pa makinawo, 3 koloko m'mawa, inu muli mtulo. Ndinaonapo seva itakhala chaka ndi theka osazima, tsiku lozima inakana kudzuka chifukwa wina anasintha `/etc/fstab` miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo n'kulakwitsa chilembo chimodzi. Wosinthayo anali atasiya kale ntchito.

Tadala_Area25: Ndiye ndikawauza abwana chonchi: ndiyatsa, kuti bowo loopsa likatuluka Lachiwiri tisadikire Loweruka. Koma tsiku loyambitsanso likhalepobe, mwina kamodzi pa miyezi itatu, masana a Lamulungu osati usiku. Ndiwonjezeranso pa zowunika zathu kuti `transition` ikakhala pa 1 kupitirira mphindi zisanu indiimbire belu.

Yamikani_Sec: Miyezi itatu yandichulukira pa seva ya ndalama. Ine ndikanati mwezi ndi mwezi.

NaPhiri: Mwezi ndi mwezi abwana ake sangalole, mukuwadziwa anthu a kumaakaunti kumapeto kwa mwezi. Tadala, belulo liziwerenga mafoda onse a mu `/sys/kernel/livepatch/`, chifukwa dzina la foda limasintha chigamba chatsopano chikabwera. Langa loyamba ndinalilozera pa dzina limodzi, linakhala chete miyezi iwiri likuyang'anira foda yomwe kulibe.

Kondwani265: Ndafika, ndayendetsa lamulo lija. Likuti kenelo yangayi sakuisokeranso, ndiike yatsopano n'kuyambitsanso. Alipo amene ali maso Loweruka usiku, mwina `fstab` yanga nayo ili ndi mawu?